Chithunzi chopanda mawu: kufunsa kapena kungoganizira?

Amalume akutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha chimanga chamasamba obowoka, osalemba kanthu. Mungayankhe m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kungoganizira n'kuyankha: "Ndi ntchemberezandonda izi, thirani mankhwala." Imafulumira, ndipo imasonyeza kuti mwachiona bwino chithunzicho. Koma mwina amalumewo akudziwa kale. Munthu wamkulu amachita manyazi kupempha ndalama kwa mphwake, ndiye chithunzicho n'chimene chikupempha. Malangizo anuwo amveka ngati mwakana. Mudzazindikira akangoyankha kuti "chabwino" n'kukhala chete.

Yachiwiri ndi kufunsa. Apa vuto ndi kafunsidwe. Kutumiza "?" yekha, kapena "Ndiye?", kwa amalume ndi mwano. Tchulani zomwe mwaona, kenako funsani: "Amalume, ndaona mbozi zawononga ndithu. Kodi ndi munda wonse? Tithandizane bwanji?" Pamenepo anena okha ngati akufuna ndalama kapena maganizo. Ine ndimasankha iyi.

Uthenga wamawu womveka mphepo ndi nkhuku zokhazokha sufuna kuganizira n'komwe, nthawi zambiri chala chinangokhudza. Lembani kuti "Sizikumveka, bwerezani." Koma ukabwera pakati pa usiku, kapena mukamva kulira, musalembe: imbani foni.