Chaplin kapena Keaton: muyambire kwa ndani?

Ngati mukufuna kulawa mafilimu akale, musathamangire Casablanca ya 1942. Ndi yabwino ndithu, koma nkhani yake yagona pa zolankhula, ndipo Chingerezi chake n'chothamanga. Yambirani pa mafilimu opanda mawu, pomwe maso okha amakwanira. Pamenepo akatswiri ndi awiri: Charlie Chaplin ndi Buster Keaton.

Chaplin amakugwira mtima. Mu The Kid ya 1921, mmphawi wongoyendayenda atola khanda lotayidwa n'kulilera. Mwanayo atasinkhuka, awiriwa amapeza chakudya mwachinyengo: mwana amagenda mawindo, bambo womulerayo n'kutulukira ali ndi magalasi kumsana, ngati wangodutsa mwangozi. Mumaseka, koma akuluakulu a boma akabwera kudzalanda mwanayo, kuseka kumathera pomwepo. Vuto la Chaplin n'lakuti nthawi zina amakoka chisoni mpaka chifike potopetsa.

Keaton alibe nazo ntchito zokulizani. Nkhope yake siisintha, kaya zinthu zivute chotani, ndipo nthabwala zake zili m'thupi ndi m'makina. Mu Sherlock Jr. ya 1924, mnyamata woonetsa kanema agona pantchito, n'kulota akulowa m'filimu yomwe akuonetsayo. Malo amasintha iye ali pomwepo: akuti akhale pansi m'munda, wapezeka pakati pa msewu, kenako m'mphepete mwa phompho. Zoopsa zambiri ankachita yekha. Pojambula filimu yomweyi, madzi a m'thanki ya sitima anamugwetsera pa njanji, ndipo patapita zaka dokotala ndiye anamuuza kuti anathyoka fupa la m'khosi.

Ine ndikuti yambani ndi Sherlock Jr. Ndi ya mphindi 45 zokha, siikudyerani bandulo yambiri, ndipo palibe pomwe imazizira. The Kid ibwere pambuyo pake. The General ya 1926, yomwe ambiri amati ndiyo yopambana ya Keaton, iyambe yadikira. Imachitika m'nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo mwininkhani ali mbali ya kummwera, yomwe inkateteza ukapolo. N'kofunika kudziwiratu zimenezi.

Zonse zitatuzi zinatuluka chaka cha 1930 chisanafike, choncho ku America zilibenso umwini, ndipo zimapezeka ulere pa Internet Archive ndi pa YouTube. Koma makope amasiyana kwambiri. Onerani mphindi ziwiri zoyambirira. Ngati nkhope zayereratu mbee osaoneka maso, kapena anthu akuyenda mothamanga monyanyira ngakhale pamene palibe chowathamangitsa, kope limenelo n'loipa. Mvetseraninso nyimbo: ena amangomata piyano iliyonse yosagwirizana ndi zochitika, ndipo imapha nthabwala. Posaka, onjezani liwu lakuti `restored`.

Mukadzafika pa The Gold Rush ya Chaplin, dziwani kuti ilipo mitundu iwiri: ya 1925 yopanda mawu, ndi ya 1942 yofupikitsidwa, momwe iye mwini amafotokoza nkhani. Sankhani ya 1925.