Kuwerenga makadi pa kiribeji: kutola limodzilimodzi kapena kuzindikira nkhope?

Ndinataya mapointi 4 tsiku lina chifukwa chothamanga pa kiribeji, masewera a makadi amene mapointi ake amawerengedwa posuntha chikhomo m'mabowo a thabwa. M'manja ndinali ndi esi, 2, 3 ndi 3 inanso, ndipo khadi lotembenuzidwa pamwamba pa mulu linali 9. Ndinangoona mzere wobwereza, n'kunena 8, kenako ndinaona kuti 9 ndi ma 3 awiri aja akukwana 15, ndiye ndinawonjezera 2 n'kusuntha chikhomo changa mabowo 10. Bambo wachikulire amene anandiphunzitsa masewerawa kuno ku Mangalande anadikira kuti ndichotse dzanja pa thabwa, kenako analoza ndi chala: 9, esi, 2 ndi 3 zimakwananso 15, ndipo popeza ma 3 alipo awiri, zimenezi zimachitika kawiri. Makadi anga anali a mapointi 14. Tinkasewera ndi lamulo la maginzi, lomwe limalola mnzako kutenga mapointi amene iwe waphonya powerenga, choncho 4 aja anapita kwa iwo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyerekeza njira ziwiri zimene osewera amawerengera makadi, ndipo ndikufuna ndikuonetseni pamene iliyonse imagwira ndi pamene imaterera.

Tigwirizane kaye pa mitengo yake, chifukwa njira zonse ziwiri zimaima pamenepa. Mumawerenga makadi asanu: anayi anu ndi lotembenuza lija. Makadi alionse ophatikizana n'kukwana 15 amapatsa mapointi 2, ndipo apa esi ndi 1 pomwe jeke, kwini ndi king'i aliyense ndi 10. Makadi awiri ofanana, amene ine ndimawatcha mapasa, amapatsa 2. Atatu ofanana amapatsa 6 ndipo anayi amapatsa 12. Mzere wa makadi otsatizana, kuyambira atatu, umapatsa pointi imodzi pa khadi lililonse. Esi amakhala pansi nthawi zonse, moti kwini, king'i ndi esi si mzere. Khadi limodzi lingagwire ntchito kambirimbiri, mu fifitini, m'mapasa ndi mu mzere, ndipo n'chifukwa chake kuwerengaku kumasokoneza.

Njira yoyamba ndi yotola limodzilimodzi, ndipo ndi imene mumaimva pakamwa pa osewera akale. Mumayala makadi pa tebulo n'kuyamba ndi mafifitini, mukutchula mokweza kuti "fifitini thu, fifitini folo", chala chili pa makadi amene mukuphatikiza. Mukamaliza mumapita ku mapasa, kenako mizere, kenako makadi a mtundu umodzi, monga onse a mtima, n'kumalizira jeke wa mtundu wofanana ndi khadi lotembenuza, yemwe amapatsa pointi imodzi. Ubwino wake ndi woti mnzanu amaona chilichonse chimene mukunena, ndipo mkangano sukhalapo. Imathandizanso pa msampha umene umagwira oyamba kumene. Tengani 5, 10, jeke ndi kwini, lotembenuza likhale 5. Aliyense wa ma 5 awiriwo amakwana 15 ndi 10, ndi jeke, ndi kwini, ndiye mafifitini alipo 6, omwe ndi mapointi 12. Ma 5 ndi mapasa, 14. Ndipo 10, jeke, kwini ndi mzere wa atatu, 17. Munthu wosazolowera amafuna kuwerenga jeke ndi kwini ngati mapasa poti onse ndi 10, koma mtengo umenewu umagwira pa mafifitini pokha. Amene amatsata gawo ndi gawo salakwitsa apa, chifukwa pofika pa mapasa amakhala atasiya zophatikiza n'kuyamba kuyang'ana nkhope ya khadi.

Njirayi imaterera mizere ikachulukana. Mukhale ndi 4, 5, 5, 6, ndipo lotembenuza likhale 6. Mizere ya 4, 5, 6 ilipo inayi, popeza 5 aliyense amayenda ndi 6 aliyense. Ndaona anthu ambiri akutola iwiri, ena itatu, kenako n'kusokonezeka kuti 5 uyu amugwiritsa kale ntchito ndi 6 uti. Akayambiranso, chiwerengero cha mafifitini chimene anasunga m'mutu chimakhala chitathawa. Makadi amenewa ndi a mapointi 24, ndipo kuphonya mzere umodzi ndi fifitini yake n'kutaya 5.

Apa ndi pamene njira yachiwiri imawala. Simuwerenganso mizere ndi mapasa payekhapayekha, mumangoloweza maonekedwe ochepa, amene ine ndimawatcha nkhope, pamodzi ndi mtengo wake, monga mmene mumazindikirira m'bale wanu ali patali. Mzere wa atatu wokhala ndi khadi limodzi lobwereza, monga 7, 7, 8, 9, umapatsa mapointi 8, chifukwa muli mizere iwiri ya 3 ndi mapasa. Mzere wa anayi wokhala ndi khadi limodzi lobwereza ndi 10. Mzere wa atatu umene makadi ake awiri abwereza ndi 16, ndipo umene khadi limodzi labwera katatu ndi 15. Ndi zinayi zokha zimenezi, basi. Bwererani ku 4, 5, 5, 6, 6 kuja: mukangoona mumadziwa kuti 16 ali m'thumba, ndipo popeza 4, 5 ndi 6 amakwana 15, mzere uliwonse mwa inayi ija ndi fifitininso, 8 wina. Mwafika pa 24 musanapume kawiri, ndipo palibe mzere umene mungaiwale.

Koma kumbukirani 4 anga aja. Maonekedwe olowezawa amanena za mizere ndi mapasa okha, sanena kanthu za mafifitini. Choopsa chake chili m'mutu mwa munthu: ukaona 8 wako msanga, mtima umakhala pansi ngati ntchito yatha, ndipo mafifitini umangowaponyera diso. Akakhala a makadi awiri, monga 7 ndi 8, kapena 9 ndi 6, amaoneka okha. Amene amabisala ndi a makadi anayi, opangidwa ndi timakadi tating'ono, esi, 2, 3 ndi 4. Ndipo timakadi tomweti ndi tomwe timapanga mizere yobwereza yokongola imene imakuchititsa kuthamanga.

Pali kachenjerero kamodzi kamene kanandichiritsa, ndipo ndikufuna mukatenge kaya mumatsata njira iti. Makadi akakhala ang'onoang'ono, phatikizani onse asanu, chotsanipo 15, ndiye funsani kuti ndi makadi ati amene angakwane chotsalacho. Njira iliyonse yopezera chotsalacho ndi fifitini imodzi, chifukwa mukachotsa makadi amenewo, otsala pa tebulo amakwana 15. Makadi anga aja, esi, 2, 3, 3 ndi 9, onse pamodzi ndi 18. Kuchotsa 15 kutsala 3. Ndingapeze bwanji 3? Pali 3 woyamba, pali 3 wachiwiri, palinso esi ndi 2 pamodzi. Njira zitatu, mafifitini atatu, mapointi 6, kuphatikiza 8 wa mzere wobwereza, 14. Yesaninso ndi 3, 3, 3, 4, 5. Nkhope yake ikunena 15. Onse pamodzi ndi 18, kutsalanso 3, ndipo ma 3 alipo atatu, ndiye mapointi 6 ena, zonse 21. Makadi akakhala akuluakulu kachenjereroka sikapindulitsa, popeza chotsala chimakula, komanso mafifitini a makadi otere amaoneka okha.

Nanga kiribu, mulu wina wa makadi anayi umene mapointi ake amapita kwa wogawa makadi? Apa maganizo anga sagawanika: tolani limodzilimodzi. Makadi a m'manja munawasankha nokha pa 6 amene munalandira, ndipo mwakhala mukuwayang'ana nthawi yonse yoponya, moti nkhope yake mukuidziwa kale. Mu kiribu muli awiri anu ndi awiri a mnzanu, amene iye anasankha dala kuti asagwirizane ndi chilichonse. Kawirikawiri mumapeza makadi omwazikana opanda nkhope yoloweza, ndipo mapointi ake ochepawo amakhala m'mafifitini obisala. Palinso lamulo limodzi losiyana. M'manja, makadi anayi a mtundu umodzi amapatsa 4, ndipo lotembenuza likagwirizana nawo amakhala 5. Mu kiribu anayi okha sapatsa kanthu, pamafunika onse asanu. Mutatsegula kiribu n'kupeza 2, 3, 10 ndi king'i, onse a mtima, lotembenuza lili 7 wa sipedi, diso lozolowera maonekedwe limalumphira kufiira kuja n'kufuna 4. Palibe. Chilipo ndi 2 ndi 3 kuphatikiza 10, komanso 2 ndi 3 kuphatikiza king'i: mafifitini awiri, mapointi 4. Makadi omwewo akanakhala m'manja akanapatsa 8.

Ndikaika ziwirizi pambali, sindipatsa imodzi chigonjetso chonse. Kwa amene wangoyamba, njira yotola ndi yokhayo yoyenera, chifukwa 8 woloweza osadziwa kuti akuchokera pati sungamuteteze mnzako akafunsa. Mukazolowera, lowezani nkhope zinayi zija pa mizere ndi mapasa, koma musasinthe dongosolo: mafifitini poyamba, mokweza, chala pa khadi, kenako nkhope. Kulakwitsa kwanga tsiku lija kunali kuyamba ndi chosavuta.

Mukafuna kudziyesa musanakhudze chikhomo, yang'anani ngati chiwerengero chanu chikugawika pawiri. Mafifitini ndi mapasa nthawi zonse amapatsa nambala yogawika pawiri. Ndiye mukapeza 9 kapena 13, payenera kukhala chifukwa chooneka: mzere umodzi wa atatu kapena asanu, mzere uja wa 15, mtundu umodzi pa makadi onse asanu, kapena jeke wogwirizana ndi lotembenuza. Ngati palibe chimodzi mwa izi, mwalakwitsa penapake. Mukapeza 19, 25, 26 kapena 27, yambiraninso, chifukwa palibe makadi asanu amene amapatsa nambala zimenezi. N'chifukwa chake osewera akale akakhala ndi makadi opanda kanthu amati ali ndi 19. Ndipo pamwamba penipeni ndi 29: ma 5 atatu ndi jeke m'manja, lotembenuza n'kukhala 5 wotsalayo, wa mtundu wa jekeyo.

Zonsezi zimafika pachimake chakumapeto kwa thabwa. Masewera amatha pa 121, ndipo amene sanagawe ndiye amayamba kuwerenga. Akangofika pa bowo lomaliza masewera atha, ngakhale wogawa atakhala ndi 24 m'manja ndi kiribu yosatsegula. Tsiku lija ndinali pa 108, wogawa anali bambo aja, ndipo ndinkafunika 13. Ndinali ndi 14, koma ndinanena 10 n'kuima pa 118. Iwo anatenga 4 anga, anawerenga awo, napambana.