Miyezi isanu ndi inayi kompyuta zikudzikokera zokha maapudeti a Debian

Kompyuta zinayi za mu ofesi mwathu ndinaziikira Debian 12 pamodzi ndi `unattended-upgrades`, kuti zizikoka zokha maapudeti a chitetezo. Poyamba mtima sunali m'malo, chifukwa khomo lolowera apudeti ndi lomwenso mbava ingalowere, ndipo chilichonse chodzera pamenepo chimaikidwa ndi mphamvu za `root`.

Chimene chandikhutiritsa ndi momwe `apt`, pulogalamu yomwe imakoka ndi kuika mapulogalamu mu Debian, imatsimikizira katundu. Imayamba yakoka fayilo ya `InRelease`, yomwe a Debian amasainira ndi kiyi wawo wachinsinsi. M'menemo muli zidindo za `SHA256` za mndandanda wa mapulogalamu, ndipo mndandandawo uli ndi chidindo cha pulogalamu iliyonse. Wina akasintha kadontho kokha panjira, chidindo sichigwirizana ndipo `apt` imakana. Palinso chinyengo china chomwe sindinkachiganizira: kumangokupatsani mndandanda wakale, wosainidwa bwinobwino, kuti musaone kuti bowo linalake latsekedwa kale. Pothana nacho, mndandanda wa zachitetezo uli ndi mzere wa `Valid-Until` ndipo umatha mphamvu pakadutsa masiku 7.

Nkhani ya masikuyi inanditayitsa m'mawa wonse. Kompyuta ina yakale inatha kabatire kosunga nthawi, magetsi atathima wotchi inabwerera m'mbuyo, ndiye ndinangoona izi:

```
E: Release file for ... is not valid yet
```

Ndinkaganiza kuti tabedwa, chikhalirecho `apt` ikuona ngati fayiloyo yachokera kutsogolo. Nditagula batire ndi kukonza wotchi, zonse zinayenda.

Chondikwiyitsa chinachokera kunja. Kampani ina yomwe timagwiritsa ntchito pulogalamu yake inalemba kuti tiike `[trusted=yes]` pa mzere wa seva yawo. Mawu amenewa amauza `apt` kuti isafunsenso siginecha. Ndinakana, ndipo kiyi wawo atapezeka ndinamumangirira ku seva yawo yokha ndi `signed-by`, kuti asamavomereze katundu wochokera kwina.

Koma siginecha imangonena kuti katundu wachoka kwa mwini wake, siinena kuti ndi wabwino. Mbava zinalowa pamalo pomwe a kampani ya SolarWinds amamangira pulogalamu ya Orion, mu 2020 apudeti yoipa inasainidwa ngati ina iliyonse, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 anaikoka. Debian nayo inatsala pang'ono mu Malichi 2024, pomwe mitundu 5.6.0 ndi 5.6.1 ya `xz`, pulogalamu yopanikiza mafayilo, inabwera ndi khomo lobisika. Inafika mu `unstable` ndi `testing`, nthambi za Debian zoyeserako mapulogalamu atsopano, yosainidwa ndithu, mpaka katswiri wina wa mapulogalamu, Andres Freund, anadabwa kuti `ssh` ikuchedwa ndi theka la sekondi n'kuyamba kufufuza. Debian 12, yomwe nthawiyo inali nthambi yokhazikika ya `stable`, inali idakali pa 5.4.1, choncho sinakhudzidwe.

N'chifukwa chake kudandaula kuti mapulogalamu a `stable` ndi achikale ndinasiya. Ndikupitiriza nayo `unattended-upgrades`, kungoti Lolemba lililonse ndimatsegula `/var/log/apt/history.log` kuona zomwe zalowa ine kulibe.