Ndemanga: chitsulo chimatuluka bwino, koma sikirini muzimitse musanapemphe chithunzi

Ndachipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinalipira mwezi umodzi pa chida cha pa intaneti chopanga zithunzi kuchokera ku mawu, chokhala ndi bokosi la `Prompt` lolembamo zimene ukufuna, la `Negative prompt` lolembamo zimene sukufuna, komanso `Inpaint` yojambuliranso gawo limodzi la chithunzi. Ntchito yanga ndi kukonza zithunzi za malonda, ndipo panthawiyi ndinkafuna chithunzi cha pamwamba pa nkhani yofotokoza kasankhidwe ka pawabanki. Ndinkafuna chapafupi kwambiri: thupi la aluminiyamu la timizere, bowo la USB-C likuoneka mpaka m'kati, kasikirini kosonyeza moto wotsala kali chapambali. Kamera ndili nayo koma lenzi ya makiro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri, ndilibe.

Tsiku loyamba ndinalemba ngati ndikutuma munthu. Ndinapempha pawabanki yokhala ndi sikirini yoonetsa 85%, n'kuwonjezera `no garbled text` m'pulomputi momwemo. Chitsulo chinatuluka chokongola moti ndinaitana mnzanga wa tebulo loyandikana nalo kuti adzaone. Pasikirini ndiye panali zachilendo: nambala yooneka ngati 8 koma ya mimba zitatu, chizindikiro cha peresenti chosungunuka, ndi timizere ta zilembo zimene si za chinenero chilichonse. Ndinabwereza kangapo, zomwezo.

Nditafufuza ndinamvetsa kuti zolakwika zinali ziwiri. Choyamba chinali changa. Chidachi chimagwira mayina a zinthu kuposa mawu okana, kotero ukalemba `text` kapena `display` m'bokosi lalikulu, ngakhale patsogolo pake pali `no`, wachikumbutsa kuti pafunika zolembedwa. Chachiwiri chili m'kapangidwe ka zida zambiri za mtundu umenewu. Sizijambula pikiselo iliyonse payokha. Zimagwira ntchito pa chithunzi chofinyidwa kasanu ndi katatu mbali iliyonse, ndiye chithunzi cha 1024 kwa 1024 chimapangidwa pa timabokosi 128 kwa 128, kenako n'kufutukulidwa. Chilembo chotalika mapikiselo 16 chimangopeza timabokosi tiwiri. M'malo ochepa chonchi chida chimakwanitsa kuonetsa kuti pali zolembedwa, koma osati kulemba chilembo chenicheni. N'chifukwa chake dzina lalikulu pachikwangwani limatha kutuluka bwino pamene timawu ta pa kasikirini timaphwanyika.

Chimene chinandithandiza ndi kusiya kuletsa, n'kuyamba kufotokoza sikiriniyo ngati chinthu china. Sikirini yozima ndi galasi lakuda basi, ndipo galasi lakuda chidachi chimalidziwa bwino. Pulomputi imene ndinakhazikika nayo ndi iyi:

```
macro photo, edge of a brushed aluminium power bank,
fine horizontal grain, one USB-C port in sharp focus,
blank glossy black glass panel reflecting a softbox,
100mm macro lens, f/8, low side light, dark grey background
```

Ndipo m'bokosi la zokana ndinaikamo izi zokha:

```
text, numbers, icons, logo, user interface, watermark
```

Mawu akuti `reflecting a softbox` ndi amene anagwira ntchito yaikulu. Galasi lopanda kanthu chidachi chimafuna kulidzaza, ndipo ukapanda kuchipatsa choikapo chimabweretsa tizizindikiro. Ukachiuza kuti pagalasipo pakuoneka kuwala kwa nyale ya m'situdiyo, malowo adzaza kale. Kuyambira pamenepo zilembo zopotoka zinkabwera mwa apo ndi apo, makamaka pachitsulo penipeni pomwe opanga amadinda dzina la kampani.

Pa chitsulo ndilibe dandaulo lalikulu, koma pali chinthu choti muziyang'ana. Amene anakwechapo poto ndi sitiliwulo akudziwa kuti timizere tikalowera mbali imodzi, kuwala sikukhala kadontho kozungulira. Kumatambasuka modutsa timizereto. Aluminiyamu wa timizere amachita chimodzimodzi: timizere tikagona, kuwala kumaimirira. Chithunzi chabodza mumachigwira pamenepo. Ndikapanda kutchula kolowera timizere, tinkayamba mogona n'kukhota pakona ngati tsitsi lopesedwa, kapena chitsulo chinkasanduka ngati chikopa cha buluzi. Mawu akuti `horizontal grain` anathetsa zimenezi, ndipo nyale yochokera m'mbali chapansi ndi imene imadzutsa timizereto kuti tioneke. Ndinayesanso kuwonjezera `shiny` ndi `chrome`, ndipo timizere tonse tinafufutika, n'kutsala chitsulo chonga kalilole. Mawu awiriwa muwapewe.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha mabowo olowetsa zingwe. Bowo la USB-C ndi lozungulira kumapeto konse kuwiri, m'lifupi mwake mamilimita opitirira pang'ono 8, ndipo lili ndi kalilime pakati penipeni kokhala ndi timano 24, mbali iliyonse 12. La USB-A ndi la makona anayi, kalilime kake katsamira mbali imodzi. Chidachi chimadziwa maonekedwe a kunja, koma zam'kati chimangoganizira. Ndaona bowo lopanda lilime, la malilime awiri, ndi lina loyamba ngati USB-C n'kuthera ngati HDMI. Zinkaipiraipira ndikapempha mabowo atatu pamzere umodzi, chifukwa maonekedwe a lina ankalowerera m'linzake. Munthu wokonza mafoni angaone zimenezi asanaphethire.

Njira yanga inakhala yotere. Ndimapempha bowo limodzi lokha, lalikulu m'chithunzi, kuti lipeze timabokosi tokwanira. Ndikapeza chithunzi chimene chitsulo ndi kuwala zili bwino, ndimasunga `Seed` yake, nambala imene chida chimayambirapo kupanga chithunzi, kuti ndikasintha liwu limodzi chithunzi chonse chisasinthe kotheratu. Kenako ndimapaka bowolo lokha ndi `Inpaint`, n'kusankha kuti chigwire malo opakidwawo okha, chifukwa chikatero chimawakulitsa kaye chisanawajambule. Ndimalemba `USB-C receptacle, single centered tongue` ndi kuika `Denoising strength`, muyeso wa mmene chisinthire malowo, pakati pa 0.4 ndi 0.5. Ndikatsitsa kufika 0.3 cholakwikacho chinkatsala momwemo. Ndikakweza kupitirira 0.7 bowolo linkasintha kukula n'kusiyana ndi chitsulo cholizungulira. Pa chithunzi chimene ndinagwiritsa ntchito, lilime linakhala pakati nditayesa kachisanu. Timano sindinawerenge kuti tikwane, ndinalola mthunzi wa m'bowo utibise.

Nanga 85% ija? Ndinailemba ndekha mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndinaika nambalayo pagalasi lakuda, kuipendeketsa ndi `Perspective` kuti itsate mbali ya pawabanki, kusankha kasakanizidwe ka `Screen` kuti kuwala kwa nyale kuonekerebe pamwamba pake, ndi kuiziralitsa pang'ono. Kuziralitsako n'kofunika, pakuti pa chithunzi chapafupi chonchi, ngakhale diso la lenzi litachepetsedwa kufika pa f/8, malo ooneka bwino ndi mamilimita ochepa chabe. Ngati diso la kamera lili pabowo, nambala yomwe ili kumbuyo siingakhale yakuthwa. Ntchito yonseyi inanditengera mphindi zosakwana khumi, pamene tsiku loyamba lija ndinataya madzulo onse ndikulimbana ndi pulomputi.

Pali malire amene ndikufuna anzanga ogulitsa katundu awamve. Chithunzi chimenechi si cha pawabanki ina iliyonse yomwe ilipo m'sitolo. Kwa ine zinali bwino chifukwa chinali chokongoletsa nkhani. Koma mukachiika pa katundu amene mukugulitsa, wogula amawerenga mabowo pachithunzi kuti adziwe ngati chingwe chake chilowa, ndipo adzalandira china. Pamenepo jambulani katundu weniweniyo, ngakhale ndi foni pafupi ndi windo, n'kugwiritsa ntchito chidachi pokonza kumbuyo kokha.

Mwezi wamawa ndilipiranso, popeza ndili ndi ntchito ina ya zokuzira mawu zokhala ndi zopotokola za aluminiyamu. Kumeneko timizere timazungulira m'malo mogona, ndipo ndayamba kale kuyesa `concentric brushed finish` pa chopotokola chimodzi chokha.