Ndemanga: pampu ya 1.1 kW pa loji ya nsanjika zinayi ku Mulanje, ndi masamu oyisankhira

Pampuyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Madzi akufika ndi mphamvu mpaka ku shawa ya chipinda chapamwamba kwambiri, ndipo masamu amene apulamba anachita asanaigule ndi olondola. Nyenyezi imodziyo yachoka chifukwa cha kathanki ka mpweya kamene kanabwera nayo limodzi, kochepa kwambiri pa nyumba yotere.

Lojiyi ili cha ku Chitakale. Ili ndi nsanjika zinayi kuwerengera yapansi yomwe, zipinda 12, chilichonse ndi shawa, sinki ndi chimbudzi chake, kuphatikizapo khitchini imodzi. Madzi a bodi amayamba agwera mu thanki ya malita 5,000 imene ili pansi, pampu n'kumawatenga m'menemo. Malowo ndi otsetsereka monga alili malo ambiri m'tsinde mwa phiri, moti thanki ili chakumunsi kwa nyumba.

Chimene ndawayamikira apulambawa n'chakuti sanayambe ndi funso la "mukufuna ya mahosi angati?" Anayamba ndi tepi. Funso la mahosi, ndiye kuti mphamvu ya mota ya pampu, ndi limene lawonongetsa ndalama anthu ambiri, chifukwa pampu ziwiri za mota yofanana zitha kugwira ntchito mosiyana kotheratu. Zofunika kudziwa ndi ziwiri: malita angati pa mphindi, ndiponso hedi ya mamita angati pa malita omwewo, ndiye kuti msinkhu umene pampu ingakankhire madziwo.

Pa malita, sanawonkhetse mipope yonse ya m'nyumba, pakuti siitsegulidwa yonse nthawi imodzi. Anatenga nthawi ya m'mawa n'kuyerekeza mashawa anayi akutuluka malita 9 pa mphindi iliyonse, zimbudzi ziwiri zikudzaza pa malita 6, ndi mpope wa kukhitchini pa malita 12. Zonse pamodzi ndi malita 60 pa mphindi, ndiye kuti lita imodzi pa sekondi, kapena 3.6 m³/h monga amalembera pa tchati cha pampu. Apa ndili ndi kachidandaulo. Mashawa anayi pa 12 ndi chiwerengero chabwino pa nyumba ya maofesi kapena ya mabanja, koma loji ya ku Mulanje imalandira magulu otsika phiri kudzera ku Likhubula, ndipo amenewo amafika limodzi, matope okhaokha, n'kulowa m'bafa limodzinso. Mashawa asanu ndi awiri okha amadya malita 63. Pampu imapirira ndithu, koma okhala pamwamba amamva kuti madzi afooka. Amene muli ndi loji ya alendo otere, werengerani theka la mashawa anu.

Hedi ili ndi magawo atatu, ndipo loyamba ndi la tepi basi. Kuchokera pansi pa nyumba kufika pa nsanjika yomaliza ndi mamita 9, chifukwa nsanjika iliyonse ndi mamita 3. Mutu wa shawa uli mamita 2 pamwamba pa simenti. Madzi a mu thanki akatsika kufika pafupi ndi pansi amakhala mita imodzi ndi theka kumunsi kwa nyumba. Zonse ndi mamita 12.5. Onani kuti anayezera pamene madzi amatsikira, osati thanki ikadzadza, pakuti tsiku limene mpope wa bodi wauma ndi limene pampu imafunika kwambiri.

Gawo lachiwiri ndi limene ambiri amaiwala. Pampu yokankha mamita 12.5 okha imafikitsa madzi pakamwa pa shawa n'kuthera pomwepo, madzi n'kumangodontha. Pamafunika mphamvu yotsala yoti awaze. Iwo anaika 1.5 bar, ndipo popeza 1 bar ndi pafupifupi mamita 10 a madzi, awa ndi mamita 15. Gawo limeneli laposa msinkhu wa nyumba yonse.

Gawo lachitatu ndi mphamvu yotayika madzi akamakhulana ndi paipi, ndipo apa ndi pamene ntchito yawo yandikhutiritsa. Paipi yaikulu yochokera pa pampu kukwera m'nyumba ndi ya mamita 30. Nambala yolembedwa pa paipi ya pulasitiki ya PPR ndi ya kunja kwake, ndipo ya mtundu wa PN20 ndi yochindikala, choncho ya 32 mm m'kati mwake muli pafupifupi 21 mm basi, ya 40 mm muli pafupifupi 26.5 mm. Lita imodzi pa sekondi ikamadutsa mu ya 32, madzi amathamanga mamita 2.8 pa sekondi ndipo pa mamita 30 amataya hedi yoposa mamita 11. Mu ya 40 amathamanga 1.8 ndipo amataya mamita 4. Kungosintha saizi ndi sitepe imodzi kwapulumutsa mamita 7, kuposa nsanjika ziwiri. Womanga nyumba anali atasiya ya 32, ndipo apulamba anakana kumangirira pampu pa imeneyo. Mtengo wa paipi yatsopano unali wowawa, koma kusiya yakaleyo kukanafuna pampu yaikulu yodya magetsi ambiri tsiku ndi tsiku, kuwonjezanso phokoso la madzi m'makoma, limene limayamba kumveka liwiro likapitirira mamita 2 pa sekondi.

Pa mamita 4 aja anawonjezera 2 a timapaipi tating'ono topita ku shawa yakutali, 2 a maelubo, matii ndi mavalavu, ndi 2 a sefa ndi valavu yoletsa madzi kubwerera. Zotayika zonse ndi mamita 10.

```
H = 12.5 + 15 + 10 = 37.5 m
Q = 60 L/min = 3.6 m³/h
```

Ndiye pampu yofunika ndi yotulutsa malita 60 pa mphindi pa hedi ya mamita 38, zonse ziwiri nthawi imodzi. Kachitsulo kokhomedwa pa pampu sikanena zimenezi. Pamalembedwa `H max` ndi `Q max`, koma manambala awiriwa sakumana. `H max` ndi pamene mipope yonse yatsekedwa ndipo palibe dontho likutuluka. `Q max` ndi pamene pampu ikungokhuthula madzi pafupifupi popanda chokwera. Timapampu totchipa ta 0.75 kW timene tadzadza m'mashopu a ku Limbe nthawi zambiri timalembedwa mamita 60 ndi malita 50, ndipo munthu akaona 60 amati ndapeza. Pa mamita 38 kotereko kamatulutsa malita osafika 20, mashawa awiri. Wachitatu akatsegula pansi, wapamwamba amatsala ndi sopo m'mutu.

Yomwe inaikidwa pano ndi yogona, ya mafani angapo otsatizana m'kati, ya magetsi a 230 V. Pa kachitsulo pali mamita 56 ndi 6 m³/h, koma pa tchati cha m'buku lake, mukatsata mzere kuchokera pa 3.6 m³/h, imapereka pafupifupi mamita 41. Yaposa zofunika ndi mamita 3, ndipo malo amenewa ali chapakati pa mzere, pamene pampu imagwira bwino osatentha. Wogulitsa akakana kukuonetsani tchaticho, musagule. Mphamvu ya mota mutha kuitsimikiza nokha: lita imodzi pa sekondi kukwezedwa mamita 38 imafuna mawati pafupifupi 370, ndipo pampu zazing'onozi zimataya pafupifupi theka la mphamvu, ndiye pakufunika mawati cha m'ma 750. Ya 1.1 kW yakwana bwino.

Geji ikugwirizana ndi pepala. Titatsegula mashawa anayi, zimbudzi ziwiri ndi khitchini, thanki ili chakumapeto, singano pa pampu inakhazikika pa 4 bar osanjenjemera, ndipo geji yomangidwa pa shawa yapamwamba inasonyeza pafupifupi 1.8. Mayeso amenewa ndi osavuta ndipo amaulula zambiri. Kusiyana kwa mageji awiriwa mipope ili yotseka ndi msinkhu wa nyumba basi. Kumene kwawonjezeka mukatsegula ndi kukhulana kwa m'mapaipi. Kukayamba kukula pakapita miyezi, yang'anani sefa musanaimbe mlandu pampu. Nthawi ya mvula madzi kuno amabwera ndi dothi, ndipo sefa yotsekeka imadya yokha mamita 5 kapena kuposa. Chizindikiro chake n'chakuti geji ya pa pampu imakwera koma pamwamba madzi akufooka.

Tsopano kathanki kaja. Swichi inatcheredwa kuti pampu iyake pa 3 bar, izime pa 4.5 bar, ndipo mpweya wa m'kathanki unapopedwa kufika 2.8 bar, kathanki kali kopanda madzi. Zonsezi n'zolondola, ndipo 4.5 ili pansi ndithu pa mamita 56, choncho pampu imatha kufika pozima. Vuto ndi kukula. Kathanki ka malita 24 pa manambala amenewa kamasunga madzi ogwiritsika malita 6 okha, kwinako ndi mpweya. Munthu mmodzi akamasamba, malita 6 amatha pa masekondi 40, pampu imayaka, imadzadza pa masekondi 10, n'kuzima. Pa ola limodzi ndi kuyaka ka 70. Mumamva swichi ikungoti tcha, tcha usiku wonse wina akangogujumula chimbudzi, ndipo wosambayo amamva madzi akulimba n'kufooka, kutentha n'kuzizira. Chimayamba kupsa ndi kapasita kapena timano ta mu swichi. Titaika thanki ya malita 100, ogwiritsika anakwera kufika malita 26, ndipo kuyaka kunatsika kufika cha m'ma 17 pa ola. Apulamba amene anawerenga bwino chonchi pa paipi akanayenera kuliona vutoli pa kotesheni pomwe, osati kudikira dandaulo.

Okhala pansi alinso ndi vuto lawo. Pampu ikamazima pa 4.5 bar, nsanjika yapansi imalandira yoposa 4 bar, pamene magiza ambiri ndi a 400 kPa, imene ndi 4 bar. Apulamba anaika valavu yochepetsa mphamvu pa nthambi za nsanjika ziwiri zapansi, yotcheredwa pa 3 bar. Popanda imeneyo giza imangodontha pa paipi yake yotayira, ndipo timapaipi tofewa ta pansi pa sinki timaphulika msanga.

Paipi yokoka madzi ku thanki ndi ya 50 mm, yaifupi, ndipo pampu ili m'munsi mwa madzi, ndiye sifunika kuthiridwa madzi magetsi akabwera. Swichi yoyandama ya mu thanki, imene imazimitsa pampu madzi akatha, sinali pa kotesheni ndipo tinalipira padera. Muifunse isanayambe ntchito, chifukwa pampu ya mtundu uwu ikazungulira youma mphindi zochepa chabe, silo yotseka madzi pa shafiti imapsa ndipo madzi amayamba kutulukira ku mota.