Wantchito akachoka: kusintha pasiwedi, kuimitsa akaunti, kapena kuifufutiratu?

Tinene muli ndi shopu ya hadiweya ku Kamwala, maimelo ali pa Google Workspace, ndiye mnyamata amene amatumiza makotesheni kwa makasitomala wasiya ntchito Lachisanu. Njira zilipo zitatu ndipo sizifanana olo pang'ono.

Ambiri timathamangira kusintha pasiwedi chabe, poti imelo imapitiriza kulandira maoda. Ubwino wake ndi womwewo basi. Koma ngati anaika zoti imelo iliyonse yolowa izipitanso ku Gmail yake, pasiwedi yatsopano siletsa zimenezo, maoda anu azingowawerenga ali kunyumba kwake ku Chawama inu osadziwa. Lowani mu Settings za imelo yake ya kuntchitoyo, pa Forwarding and POP/IMAP, muone ngati pali adilesi yachilendo, muonenso ma Filters chifukwa ena amabisa mmenemo. Nambala yake ya foni ikatsala pa akaunti ndi vuto linanso, ma kodi olowera azipita kwa iye, mwina mpaka kubwezeretsa pasiwedi yekha. Ndiye ichotseni, ndipo mu Admin console muchite Reset pa Sign-in cookies kuti atuluke paliponse pomwe analowera.

Kufufutiratu, Delete user, kumakoma mtima makamaka ngati munasiyana moyambana, komanso ngati muli pa Flexible Plan simulipiranso laisensi yake. Koma apa anthu amalira. Ma fayilo a mu Drive amene iye anapanga ndi ake, olo mitengo yonse ya simenti ndi malata ikhale mmenemo, akaunti ikapita nawonso apita pokhapokha mutawasamutsira kwa munthu wina pomwe Google ikukufunsani pofufutapo. Google imapereka masiku 20 obwezera akaunti yofufutidwa, akatha basi. Ndipo nthawi zambiri mumadzazindikira mochedwa, kasitomala atabwera ndi kotesheni ya miyezi itatu yapitayo.

Ine ndimakonda Suspend user. Munthu salowanso nthawi yomweyo, koma maimelo ndi ma fayilo zonse zili phee. Zoipa zake ziwiri muzidziwe: laisensi mukulipirabe, komanso imelo yatsopano yopita kwa iye imabwerera kwa wotumiza, ndiye musaisiye choncho miyezi ayi. Muimitse Lachisanu lomwelo asanafike pa siteshoni ya minibasi, sabata yotsatira musamutse Drive ndi kukopera maimelo akale, kenako mufufute, adilesi yake ija muipange alias, ndiye kuti adilesi yachiwiri, pa akaunti yanu kuti makasitomala akale azikupezanibe.

Manje chimene njira zonsezi sizikhudza ndi foni. Pa WhatsApp Business ya shopu tsegulani Linked devices mutulutse laputopu yake. Ndipo ngati SIM ya Airtel Money kapena MTN imene makasitomala amalipirapo inalembetsedwa pa NRC yake, pamapepala nambalayo ndi yake, ndiye zosintha dzina mukachitire limodzi musanamupatse malipiro omaliza, akadali woyankha foni.