Miyezi 14 titagawa netiweki ya pa ofesi: dipatimenti ya akaunti yatidyera ndalama

"Achimwene, aja anakugawirani netiweki m'madipatimenti aja ntchito yawo ili bwanji? Nafe tikufuna tiwaitane."

Mlamu, funso lanu landipeza invoisi yawo yachitatu ili patebulo, choncho mundikhululukire ngati mawu ena atuluke otentha. Ine ndimayang'anira za makompyuta pa kampani yathu yogulitsa katundu wa hadiweya ku Limbe, ndipo ndinalipo kuyambira tsiku lomwe anabwera ndi kotesheni.

Anatenga buloko imodzi ya maadiresi 256, ya 192.168.10.0/24, n'kuiduladula m'magawo otchedwa masabuneti molingana ndi kukula kwa dipatimenti iliyonse, kuyambira yaikulu kutsika m'munsi. Pepala lomwe anatisiyira linali lotere, nambala ya kumapeto kwa mzere ndi ya zida zomwe zinalipo:

```
192.168.10.0/26    ogulitsa (48)
192.168.10.64/27   kosungira katundu (22)
192.168.10.96/28   akaunti (12)
192.168.10.112/28  maseva ndi mapulinta (9)
192.168.10.128/29  mabwana (4)
```

Zambiri zikuyenda bwino ndithu. Ogulitsa sangathenso kufika pa seva ya malipiro, chomwe chinali cholinga chathu chachikulu. Kompyuta ina ya kosungira katundu itagwidwa ndi vairasi, vutolo linathera komweko osafalikira kwa ena. Ogulitsa ali ndi malo 61 pomwe zida zawo ndi 48, sanadandaulepo n'kamodzi komwe.

Koma ku akaunti ndiye kwandidwalitsa mutu. Mukaona /28 papepala, ndi maadiresi 16, ndipo pa makompyuta 12 mumati malo alipo okwanira. Ayi. Yoyamba, .96, ndi dzina la sabunetiyo ndipo sipatsidwa kwa chida chilichonse. Yomaliza, .111, ndi yolengezera uthenga kwa onse, nayonso sipatsidwa. Zatsala 14. Rauta imatenga imodzi, .97, monga khomo lotulukira. Zatsala 13. Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba malo opuma anali amodzi okha, ndipo ine sindinawerenge chonchi pomwe ndinkasainira pepala lija. Mwezi wachisanu tinalemba kalaliki wina, malo aja n'kutha ife osadziwa.

Vuto linaonekera sabata yomwe kunabwera maodita awiri ndi malaputopu awo. Anafika m'mamawa, n'kulumikiza zingwe, n'kuyamba ntchito. Mayi amene amakonza malipiro a antchito anali atayamba apita kubanki, ndipo atafika cha m'ma 10 koloko kompyuta yawo inakana kutsegula chilichonse. Anandiitana ndi mawu otsika, "Achimwene, tabwerani mudzaone, lero ndi tsiku lolipira anthu." Ndinasintha chingwe, ndinasintha bowo la pa swichi, osatheka. Nditazimitsa rauta n'kuiyatsanso, kompyuta yawo inagwira, koma patapita kanthawi ya mnzawo wa pambali inafa. Tinkangoganiza kuti rauta yakalamba, mpaka bwana anatsala pang'ono kugula ina.

Chomwe chinanditsegula maso ndi lamulo ili, lomwe ndinalemba pa kompyuta yokanayo:

```
ipconfig
```

Adiresi yake inali yoyamba ndi 169.254, ndipo pa Default Gateway, pomwe pamalembedwa khomo lotulukira lija, panalibe kanthu. Windows imadzipatsa yokha adiresi yotere ikapempha kwa DHCP, yomwe imagawira zida maadiresi, koma osayankhidwa. Nditatsegula rauta ndinapeza maadiresi onse 13, kuyambira .98 mpaka .110, ali ndi eni ake. Zida zinali 15. Kuzimitsa kuja kunkangochititsa rauta yathu kuiwala kaundula wake, ndiye woyamba kupempha ndi amene ankapata, wochedwa n'kutsala panja. Mukadzaona 169.254 m'dipatimenti imodzi yokha ena onse ali bwinobwino, musathamangire kugula chida. Yambani mwawerenga maadiresi omwe atsala.

Ndinawaimbira eni ntchito aja ndili ndi chikhulupiriro choti ndi nkhani ya mphindi zisanu, kungosintha /28 kukhala /27 basi. Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chomwe chimandiwawabe. Sabuneti ya /27 ili ndi maadiresi 32 ndipo imayenera kuyambira pa nambala yogawika ndi 32. Nambala 96 imagawika ndi 32, inde, koma ikatero imatambasuka mpaka .127, n'kumeza malo onse a maseva omwe anawaika mogundana ndi akaunti pa .112. Kusuntha maseva n'kovuta kwambiri chifukwa maadiresi awo ndi okhazikika ndipo analembedwa m'makompyuta onse. Malo opanda kanthu analipo kuyambira .136, koma 136 sigawika ndi 32, ndipo pa .128 panali patakhala kale mabwana. Malo oyamba otheka anali 192.168.10.160/27, kuyambira .160 mpaka .191, masiki yake 255.255.255.224, khomo pa .161, zida 29 n'kukwana bwino. Akaunti yonse inasamukira kumeneko Loweruka lina masana.

Lolemba m'mawa makompyuta onse anali ndi maadiresi atsopano, intaneti ikugwira, koma pulogalamu ya malipiro osatseguka. Lamulo la pa fayawolo, mlonda wa netiweki, lolola akaunti kufika pa seva linali likutchulabe 192.168.10.96/28, malo omwe munalibenso munthu. Mnyamata yemwe anamutuma anaiwala kulisintha. Anabweranso Lachiwiri, n'kukonza mzere umodzi wokha, ndipo ulendo umenewo ndi womwe uli pa invoisi ili patebuloyi.

Ndikaganiza mofatsa, chomwe chimandipweteka si kuiwala kwa mnyamatayo, munthu amalakwa. N'chakuti kuumira konseku kunalibe phindu. Maadiresi oyamba ndi 192.168 kapena ndi 10 ndi a m'nyumba, sagulidwa kwa wina aliyense. Akanatha kupatsa akaunti 192.168.30.0/24 yonse, maseva 192.168.40.0/24, popanda kuwonjezera ngakhale tambala, ndipo rauta yathu ikanazinyamula bwinobwino. Kudula mothina chonchi kuli ndi malo ake, monga pamene kampani ya intaneti yakupatsani maadiresi ochepa olipira, kapena likulu lakupatsani buloko imodzi n'kunena kuti musapyole pamenepo. Ife panalibe anatiikira malire. Ngakhale mu /24 yomwe ija, pafupifupi theka linkangokhala, pomwe amayi a malipiro akusowa adiresi imodzi.

Nditawafunsa abwana awo chifukwa chake, anandiyankha kuti anatsatira nambala zomwe ndinawapatsa ine. N'zoona, ndinati 12. Koma sanandifunse ngati tidzalembe anthu ena, kapena ngati kumabwera alendo ndi malaputopu, ndipo munthu amene amalipidwa chifukwa cha luso lake ndiye amayenera kufunsa zimenezo. Tinakangana pafoni kwa nthawi ndithu. Anavomera kuchotsa mtengo wa ulendo wa Lachiwiri uja, koma wa kusamutsa akaunti anakaniratu, akuti ndi ntchito yatsopano. Ndikaphatikiza zonse, kukonzaku kwatidyera pafupifupi theka la ndalama zomwe tinalipira poyamba.

Masiku ena, ndikaona mmene zinthu zakhalira bata kwa ogulitsa, mtima umatsika ndipo ndimati anthuwa ntchito amaidziwa, mawaya anamanga mwaukhondo, foni amayankha ngakhale madzulo. Lero sindikumva choncho. Ngati muwaitane, mlamu, musasaine musanaone pepala la magawidwe, ndipo pa mzere uliwonse muchotse maadiresi atatu aja, muone otsala ngati angakwane zida zanu kuwirikiza kawiri. Muwauzenso alembe mu kotesheni kuti kukuza sabuneti m'chaka choyamba n'kwaulere. Ife kosungira katundu tafika pa zida 27 mwa malo 29, ndipo invoisi yokonzedwa ija sanatumizebe.